Ndime ya wolemba aliyense kapena ndime ya mfundo iliyonse?

Tinene kuti kafukufuku wanu ndi wa zifukwa zimene atsikana amasiyira sukulu ya pulayimale, ndipo mwawerenga mapepala 12. Chaputala chounika zimene ena analemba kale mungachilembe m'njira ziwiri.

Ambirife timayamba ndi kupatsa wolemba aliyense ndime yake: uyu anapeza zakutizakuti, wotsatira naye zakutizakuti. Njirayi ndi yachangu, ndipo pokonza manotsi ndi yabwino ndithu. Koma polemba ndimeyo pepala la mwiniwake limakhala pamaso panu, ndiye mumatsata mfundo zake monga anaziyalira, nthawi zina ndi ziganizo zomwe. Turnitin, pulogalamu ya pakompyuta yofufuza ngati ntchito yakoperedwa, imafananitsa mawu otsatizana ndi zomwe zili pa intaneti, m'majenale ndi m'ntchito za ophunzira ena, choncho lipoti likabwera mupeza ndime yathunthu itapakidwa mtundu umodzi, yonse ikuloza ku pepala limodzi. Apa ena amangosinthanitsa mawu ndi ofanana nawo. Peresenti ya kufanana ikhoza kutsika, koma kaganizidwe kakadali ka mwiniwake, ndipo kumeneko ndi kubera basi.

Njira yotsata mfundo imayamba ndi tebulo. Mayina a olemba muwandandalike chotsika, ndipo pamwamba muike mfundo monga umphawi, mimba ndi maukwati a ana, kutalika kwa mtunda wa kusukulu. M'kabokosi kalikonse lembani mawu anu ochepa ndi nambala ya tsamba. Kenako tsekani mapepala onse, mulembe poyang'ana tebulo lokha, mfundo imodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Tengani mfundo ya maukwati. Mwina olemba anayi akuti ukwati ndiwo umachotsa mtsikana pasukulu, pamene awiri akuti amayamba wasiya chifukwa cha umphawi, ukwati n'kubwera pambuyo. Ndime yanu ikhala pa kusiyana kumeneku. Kodi awiriwo anafunsa atsikana eniake, pomwe anayiwo anafunsa aphunzitsi? Anafufuza lamulo la ku Malawi la 2015 loika zaka 18 pa ukwati lisanabwere, kapena litabwera? Ziganizo zoyankha mafunso amenewa sizipezeka m'pepala lina lililonse, n'chifukwa chake kufanana kumatsika popanda chinyengo.

Njirayi ili ndi mbuna zake. Imadya nthawi, ndipo n'kosavuta kum'namizira wolemba mfundo imene sananene. Ntchito ya nambala za masamba zija ndi imeneyi, kuti mukatha kulemba mubwerere kukatsimikiza. Musaunjikenso mayina asanu kumapeto kwa chiganizo ngati kuti onse ananena chimodzimodzi. Mfundo iliyonse ya munthu wina itchulidwebe mwini wake, ngakhale mawu ali anu.

Mayina a malamulo, mawu ogwidwa komanso mndandanda wa mabuku zidzapakidwabe mtundu m'lipoti, ndipo si mlandu. Ine ndimasankha njira yachiwiri, kupatula pamene kafukufuku wanu wakhazikika pa pepala limodzi lalikulu: limenelo lipatseni ndime yakeyake.