Blender, Synfig kapena OpenToonz: ndinayesa mkono umodzi mu onse atatu

Anzanga amene mukuyamba makatuni mumandifunsa kuti pulogalamu yabwino yoikira mafupa, timizere timene timayendetsa ziwalo za katuni, ndi iti, ndiye mwezi wathawu ndinangoti ndiyese kachinthu kamodzi mu onse atatu, pa laputopu yanga yomweyi kunyumba ku Matawale. Ndinajambula mnyamata wogulitsa masitiroberi ngati aja timawapeza panjira yokwera Ku Chawe, mbale wabisa kumbuyo, galimoto ikamabwera akuitulutsa nkuikweza m'mwamba. Zimenezo basi, masekondi awiri, mafulemu 48. Koma kamkono kameneka kali ndi mavuto onse a katuni yodula zidutswa: chigongono chipinde osang'ambika, ndiponso mkono uchoke kumbuyo kwa thupi ubwere kutsogolo.

Musanatsegule iliyonse, nkhani imayambira pojambula. Ine ndinajambula mu Krita, mkono ndinaudula patatu, wam'mwamba, wam'munsi ndi dzanja logwira mbale, chilichonse pa leya yake. Pachigongono mkono wake ndi wonenepa mapikiselo 80, ndiye ndinajambula kabwalo ka mapikiselo 80 pomwepo, zidutswa zonse ziwiri nkuthera mozungulira motsata kabwaloko, china pamwamba pa chinzake. Pakati pa kabwalo ndi pamene pamakhala pivoti, msomali umene chidutswa chimazungulirapo. Mukadula mowongoka ngati mukudula nzimbe, mkono ukangopinda pamatseguka kampata ndipo palibe pulogalamu imene ingakutsekereni. Posevanso, leya iliyonse ikhale PNG ya saizi ya chithunzi chonse, osaichepetsa, kuti polowetsa zidutswa zigwere m'malo mwake zokha.

Synfig ndi imene inandifikitsa msanga. Chidutswa chilichonse mumachiika mu Group, pamatuluka timadontho, kobiriwira ndi kosunthira, kabuluu ndi kozunguzira. Mukagwira Ctrl nkukoka kobiriwirako pivoti imasuntha chithunzi chili pomwepo, ndiye mumangokaika pakati pa kabwalo kaja. Kenako gulu la dzanja mumalilowetsa m'gulu la mkono wam'munsi, limenelo m'gulu la wam'mwamba, phewa likazungulira zonse zimatsatira, mafupa simunawakhudze nkomwe. Mafupa aliponso, kuyambira Synfig 1.0 ya 2015, mumaika leya ya Skeleton nkumangirira chidutswa ndi Link to Bone, koma kwa mkono umodzi ine ndinaona kuti magulu okha akukwana. Chimene muyenera kusamala ndi kabatani kooneka ngati kamunthu kamene kali pansi pa chithunzi. Kakakhala kofiira muli mu animeshoni, mukakonza pivoti nthawi imeneyo imalembedwa ngati kuyenda, ndiye posewera mudzaona mkono ukutsetsereka kuchoka paphewa pang'onopang'ono. Mukaona zimenezo fufutani kadontho kamene kabwera pamzere wa nthawi, kamunthu kakhale kobiriwira, mukonzenso.

Blender imafuna kuleza mtima, tsiku loyamba lonse linathera pokonzekera. Zithunzi zimalowa ngati timabolodi tosalala, pa mavesheni akale ndi Import Images as Planes, kuyambira 4.2 ili pa Add > Image > Mesh Plane. Zonse zikagwera pamalo amodzi zimalimbana, mumaona chithunzi chikuthwanima mizeremizere, ndiye chilichonse mumachisuntha pa Y, kutsogolo kapena kumbuyo, pang'ono, ine ndinasiyanitsa ndi 0.01, ndipo kamera ikhale Orthographic kuti chapafupi chisaoneke chachikulu. Mafupa mumawaika mukuyang'ana kutsogolo, Shift+A kenako Armature, mu Edit Mode nkumatulutsa lotsatira ndi E, phewa, chigongono, dzanja. Apa pivoti ndi mutu wa fupa, choncho fupa la mkono wam'munsi liyambire ndendende pakati pa kabwalo. Likaphonya ngakhale pang'ono mudzadziwa, chigongono chimatulutsa kanyanga mkono ukapinda kwambiri. Pomangirira, sankhani chidutswa, kenako mafupa, mulowe Pose Mode, musankhe fupa lake, Ctrl+P nkusankha Bone. Musathamangire With Automatic Weights, kabolodi kali ndi makona anayi okha, kamangopotoka ngati chitenje chokokedwa mbali imodzi. Ndipo masitiroberi anga anatuluka otuwa mpaka nditasintha View Transform kukhala Standard.

Ndiye phindu la mavuto onsewa ndi chani? Ndi IK, kutanthauza Inverse Kinematics, njira yoti mukakoka dzanja mkono wonse uzitsatira wokha. Mumaika kafupa kena padera pamene pali dzanja, mkono wam'munsi mumaupatsa Inverse Kinematics yoloza kafupako, Chain Length 2, basi mukakoka kafupako mbale ikukwera ndipo chigongono chikudzipindira chokha. Mukasiya Chain Length pa 0 thupi lonse limakokeka nawo. Mafupa awiriwo musawaike mowongoka kwenikweni, apindeni pang'ono kumene chigongono chimapindira, apo bii chidzapindira kosayenera ngati mkono wothyoka. Pa mkono, kunena zoona, mutha kukhala opanda IK. Koma nditamuyendetsa mnyamatayo kupita ku galimoto ndi pamene ndinaona kusiyana, mu Blender phazi limakhala pansi gwa thupi likutsika ndi kukwera, pomwe mu Synfig 1.4 ndimapinda ntchafu payokha, bondo palokha, phazi nkumatererabe ngati akuyenda pamatope a Chikanda nthawi ya dzinja.

Tsopano pa fulemu 14 pamene mkono ukudutsa kubwera kutsogolo. Mu Synfig leya iliyonse ili ndi Z Depth, nambala ikakula leya imamira, ndiye mumasintha ya gulu lonse la mkono, koma imagwira pakati pa maleya okhala m'gulu limodzi, choncho mkono ndi chifuwa zikhale moyandikana m'gulu lomwelo. Mu Blender palibe zimenezo, mumangosuntha fupa la phewa kubwera kufupi ndi kamera limodzi ndi kafupa ka IK kaja, zidutswa zonse nkubwera nazo, ndipo kwa ine iyi ndi njira yomveka kuposa zonse chifukwa mukazungulira chithunzi mumaona ndi maso chimene chili kutsogolo. Konseko muike Constant pa kusinthako kuti mkono wonse udumphe kamodzi pa fulemu imene mwasankha, musankhenso fulemu imene mkono uli pambali pa thupi kuti woonera asazindikire.

OpenToonz, imene inakhala yaulere mu 2016, ili pakati. Chidutswa chilichonse chimakhala pa kolamu yake, Skeleton Tool ili ndi Build Skeleton yoikira mapivoti ndi kulumikiza, komanso Inverse Kinematics yake, ndipo nambala ya SO, kutanthauza Stacking Order, imasintha chimene chili pamwamba. Ili ndi Plastic Tool yopinda chithunzi chosadula, koma pa chigongono chopinda kwambiri mkono wanga unkaphwanyika ngati payipi, ndinabwerera ku zidutswa. Makolamu akachuluka ine maso amatopa, koma amene mumajambulanso fulemu ndi fulemu mudzaikonda.

Za makina musaziiwale. Blender kuyambira 4.0 imafuna OpenGL 4.3, malaputopu ena akale amene timagula ogwiritsidwa kale ntchito saitsegula, pamenepo yesani 3.6, zonse ndanenazi zilimo. Synfig imatseguka pa makina ofooka, koma sevani pafupipafupi, kwa ine inatsekeka kawiri madzulo amodzi, osanenanso za magetsi.

Ine ndasankha chonchi: ngati munthu wanu angoima, kulankhula ndi kugwedeza manja, monga timavidiyo ta uthenga timene mabungwe amafuna, tengani Synfig mumaliza lero lomwe. Ngati ayenda, akhala pansi kapena apalasa kabaza, piririrani Blender, chifukwa mapazi pa mapedulo opanda IK mudzawakonza fulemu iliyonse. Mnyamata wa masitiroberi ndamusiya mu Blender, sabata ino ndikumudulira dzanja lachiwiri lotambasula lolandirira ndalama.