Madontho amchere, kampira, kachubu ndi mankhwala: nanga n'chiti chimatsegula mphuno ya khanda?

Khanda la miyezi yochepa limapuma makamaka kudzera m'mphuno, ndipo silingathe kumina. N'chifukwa chake chimfine chimene munthu wamkulu amangochipirira chimasautsa mwana kwambiri: amagwira bere, n'kuyamwa kawiri kapena katatu, kenako n'kulisiya akulira kuti apeze mpweya. Poyerekeza njira zotsegulira mphuno, ine ndimafunsa funso limodzi, lakuti kodi njirayo imathandiza mwana kuyamwa ndi kugona popanda kumuvulaza? Kuumitsa mphuno kuti mamina asaonekenso si cholinga chathu, popeza chimfine chimayamba ndi mavairasi ndipo chimatha chokha pakapita masiku 7 mpaka 10.

Njira imene ndimaiika patsogolo ndi madontho a madzi amchere, amene amagulitsidwa m'timabotolo tolembedwa kuti 0.9%, kutanthauza magalamu 9 a mchere pa lita imodzi ya madzi. Mlingo umenewu umafanana ndi wa madzi a m'thupi, choncho sulyolyotsa m'mphuno, pamene madzi ochulukitsa mchere amawawa. Mwana mumamugoneka chagada, n'kudontheza madontho awiri m'bowo limodzi la mphuno, ndiyeno n'kudikira masekondi 30 mpaka 60 kuti mamina ouma afewe musanapite ku bowo linalo. Nthawi zambiri mwana amayetsemula, ndipo zotsekazo zimatuluka zokha moti chotsala n'kungopukuta ndi kansalu kofewa. Kufooka kwa madonthowa n'kwakuti amagwira ntchito kwa kanthawi chabe, komanso akakumana ndi mamina ochuluka ndi onata amangowafewetsa osawatulutsa.

Apa ndi pamene zopopera zimafunika, ndipo zodziwika ndi zitatu. Kampira kooneka ngati babu n'kosavuta kukapeza, koma anthu ambiri amakagwiritsa ntchito molakwika. Muyenera kukafinya kali panja, kuika nsonga yake pakhomo pa mphuno pokha, kenako n'kukamasula pang'onopang'ono; mukakafinya kali kale m'mphuno, mumakankhira mamina mkati. Nsonga yake ndi yopyapyala, ndiye mwana akatembenuza mutu mwadzidzidzi imatha kulowa kwambiri n'kukanda mkati. Vuto lina n'lakuti mkati mwa kampira simuoneka, ndipo kakapanda kutsukidwa ndi madzi ofunda a sopo n'kuumitsidwa nsonga itayang'ana pansi, mumamera nkhungu.

Kachubu kamene kholo limakoka ndi pakamwa, kokhala ndi sefa yotchinga mamina kuti asafike kukamwa, ndimakakonda kuposa kampira. Nsonga yake ndi yaikulu moti imangokhala pakhomo pa mphuno, mphamvu yokokera mumaiyeza nokha, ndipo popeza chubucho n'choonekera mkati, mumadziwa ngati chatuluka chilipo kapena mukungovutitsa mwana. Kamafuna kusintha sefa, ndipo ena amanyansidwa nako poyamba, ngakhale kuti kunyansidwako kumatha msanga mwana akayamba kuyamwa bwino. Chopopera cha batire chimakoka mofanana nthawi zonse ndipo chimagwirika ndi dzanja limodzi, koma sindinaone chimene chimachita choposa kachubu, kupatula kukopa munthu kuti azipopa pafupipafupi chifukwa n'chosavuta.

Kupopa pafupipafupiko ndi kumene kunandilakwitsa mwana wanga ali ndi miyezi 4. Tsiku lachiwiri la chimfine ndinkamupopa ndi kampira nthawi iliyonse ndikamva phokoso m'mphuno mwake, mwina kasanu ndi katatu pa tsikulo, kawirikawiri popanda madontho. Pofika madzulo mphuno inatseka kuposa m'mawa, kampira sikankatulutsa kanthu, ndipo pa nsonga pake ndinaona kadontho ka magazi. Chimene chinatseka mphunoyo sichinalinso mamina ayi, koma kutupa kwa mkati kumene ndinakuyambitsa ndekha, ndipo kutupa sikupopeka. Mawa lake ndinasintha: madontho awiri mbali iliyonse, kudikira mphindi imodzi, kupopa kamodzi, ndipo ndinkachita zimenezi katatu kapena kanayi pa tsiku, patatsala mphindi 10 kuti ayamwe ndiponso asanagone usiku. Kupopa atangoyamwa kumene kumamusanzitsa. Ndinkamuyamwitsa pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo matewera onyowa ndiwo ankanditsimikizira kuti akupeza zokwanira. Pa tsiku lachinayi mamina anasanduka obiriwira, zimene zimachitika pa chimfine wamba ndipo pazokha sizitanthauza kuti pakufunika maantibayotiki.

Za nthunzi ndinene mwachidule. Makina otulutsa nkhungu yozizira m'chipinda angathandize kumene mpweya uli wouma, malinga ngati akutsukidwa tsiku lililonse, koma beseni la madzi otentha pafupi ndi khanda lili ndi phindu lochepa poyerekeza ndi ngozi ya kupsa. Kukweza mutu wa mwana ndi pilo kuti apume bwino n'koopsanso, chifukwa khosi limapindika n'kupanikiza njira ya mpweya; khanda la chimfine lizigonabe chagada pa malo athyathyathya, ndipo ngati mukufuna kuliimika, linyamuleni paphewa inu muli maso.

Mankhwala ndiwo amalephera kwambiri pa kuyerekeza kumeneku, ngakhale kuti ndi amene amaoneka ngati amphamvu. Mu 2008 bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza kuti mankhwala ogula a chimfine ndi chifuwa asaperekedwe kwa ana osakwana zaka 2, chifukwa palibe umboni woti amathandiza pa msinkhu umenewu pamene angathe kuthamangitsa mtima kapena kufooketsa mwana koopsa. Madontho a akuluakulu otsegula mphuno, amene amafinya mitsempha ya magazi, amatha kudwalitsa khanda, ndipo mphamvu yake ikatha mphuno imatsekanso kuposa poyamba. Mafuta onunkhira opaka pachifuwa amangopereka kumva kozizira popanda kutsegula chilichonse, ndipo sayenera ana osakwana zaka 2. Uchi saupereka kwa mwana wosakwana chaka, ndipo asipirini sapatsidwa ana. Palasetamo satsegula mphuno. Ntchito yake ndi kuchepetsa kutentha thupi ndi ululu, ndipo mlingo wake umayendera kulemera kwa mwana motsatira malangizo a wachipatala.

Njira zonsezi zili ndi malire ake, chifukwa zimathandiza mphuno pokha, osati mapapo. Ngati mwatsegula mphuno koma mwana akupumabe movutika, muwerengeni kapumidwe kwa mphindi yathunthu ali phee. Malinga ndi mlingo wa Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse, kupuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi kwa mwana wosakwana miyezi 2, kapena ka 50 kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ndi kupuma mothamanga kumene kungasonyeze chibayo. Mutsegulenso malaya muone ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamakoka mpweya. Zimenezi, pamodzi ndi kubuula, milomo kusintha mtundu, kupuma modukiza, kuyamwa zosakwana theka la masiku onse, kapena thewera louma kwa maola 12, zimafuna chipatala nthawi yomweyo. Khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi kufika madigiri 38, lipite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale likuoneka kuti lili ndi chimfine chabe, ndipo musayambe mwalipatsa palasetamo n'kudikira kuti muone ngati kutenthako kutsike.