Chimanga, mpunga ndi nyama ya ng'ombe: chimamwa madzi ambiri ndi chiti?

Kilogalamu imodzi ya chimanga imafuna madzi okwana malita pafupifupi 1,200 kuti ipezeke. Ya mpunga wopunthapuntha imafuna 2,500, pomwe ya nyama ya ng'ombe imapitirira 15,000. Ziwerengerozi n'zapakatikati pa dziko lonse, ndipo njira yowerengerayi anaiyambitsa ndi katswiri wa za madzi Arjen Hoekstra mu 2002. Amaphatikiza madzi onse amene atha kuyambira kumunda mpaka chakudyacho chitakonzeka, makamaka amene mbewu imakoka m'nthaka n'kuwatulutsira m'masamba ngati nthunzi.

Za ng'ombe anthu amafulumira kuganiza kuti ndi madzi akumwa. Ayi ndithu, akumwawo ndi kadontho chabe. Tengani ng'ombe yodyetsera m'khola, yophedwa itatha zaka zitatu, imene yapereka makilogalamu 200 a mnofu. Pa moyo wake imadya makilogalamu pafupifupi 1,300 a mbewu ndi 7,200 a udzu ndi mapesi. Mukagawa, kilogalamu iliyonse ya nyama yadya makilogalamu 6.5 a mbewu ndi 36 a udzu. Mbewuzo zikakhala chimanga, ndiye kuti malita pafupifupi 8,000 apita kale udzu tisanauwerengere. Nanga akumwa ndi otsukira khola? Malita 155 okha pa kilogalamu. Chakudya chambiri ng'ombe imathera pa kupuma, kuyenda, kutenthetsa thupi ndi kumanga mafupa, n'chifukwa chake nkhuku, imene imakula m'masabata ochepa, imathera pa malita 4,300 pa kilogalamu.

Nkhani ya mpunga ndi ina. Chimanga chili m'gulu la mbewu zimene zimapanga chakudya chambiri ndi madzi ochepa, pomwe mpunga umataya madzi ambiri m'masamba kuti ubereke zofanana. Onjezanipo madzi odikha m'munda amene dzuwa limawauma tsiku ndi tsiku. Komanso mpunga wamakoko umathera pa malita 1,670 basi pa kilogalamu. Mukaupuntha, gawo limodzi mwa magawo atatu limapita ndi makoko ndi madeya, ndiye madzi onse aja amagwera pa zotsalazo.

Koma ine sindikhutira ndi kungoyerekeza ziwerengero zikuluzikuluzi, chifukwa madzi ake si amodzi. Pa malita 15,000 a ng'ombe aja, oposa 90 pa 100 alionse ndi a mvula imene inagwa pa msipu ndi m'minda. Ng'ombe yodya kudambo kosalimika siumitsa mtsinje wa munthu, ngakhale chiwerengero chake chioneke choopsa. Mpunga ndiye umapatutsa mitsinje ndi kupopa zitsime: malita pafupifupi 340 pa kilogalamu ya wamakoko amakhala othirira, pomwe chimanga chimatenga 80. Choncho kumene madzi akusowa, funso loyamba likhale lakuti achokera kuti. Chimanga chomwecho mukachilima m'chilimwe ndi mpope, pafupifupi madzi ake onse amachoka mumtsinje, ndipo chikabereka moperewera, malita pa kilogalamu amakwera chifukwa munda wamwa madzi ambiri koma zokolola zowagawira n'zochepa.