Chizindikiro kapena sefa: kodi galimoto yabwino ndi iti?

Katswiri wa zachuma George Akerlof anafotokoza mu 1970 za msika wa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito: wogula akalephera kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yamavuto, amapereka mtengo wapakati. Eni magalimoto abwino amachoka pamsika, kutsala zotheratu. Inshulansi ndi chimodzimodzi: mtengo ukakwera, athanzi amasiya, odwaladwala nkutsala.

Pali njira ziwiri zochepetsera vutoli: chizindikiro ndi sefa. Chizindikiro chimachokera kwa wodziwa zoona. Wogulitsa amalonjeza kukonza galimotoyo ikawonongeka chaka chisanathe. Mwini galimoto yamavuto sangayerekeze, zingamudyere ndalama. Koma lonjezo lomwe aliyense angalikwanitse silisiyanitsa kanthu.

Wotchera sefa ndi wosadziwayo. Kampani ya inshulansi imapereka mapulani awiri: yotchipa, koma ngozi ikagwa uyambe walipirako wekha, ndi yodula yolipira zonse. Wodzidziwa kuti sachitachita ngozi amasankha yotchipayo. Chondiwawa nchakuti wosamalayo ndiye amatsala ndi chitetezo chochepa.