Aaker kapena Keller: muyende ndi ndani posanthula bulandi mu asayimenti?

Anzanga ambiri akapatsidwa asayimenti yosanthula malo amene bulandi, kutanthauza dzina la malonda, yatenga m'maganizo a ogula, amatapa njira ya David Aaker ndi ya Kevin Keller, akatswiri a zamalonda, n'kuzithira pamodzi. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa awiriwa safunsa funso limodzi.

Aaker, m'buku lake la mu 1991, amaona dzina la malonda ngati chuma cha kampani, ndipo amachigawa pasanu: kukhulupirika kwa makasitomala, kudziwika kwa dzinalo, ubwino umene anthu amaganiza kuti katunduyo ali nawo, zimene dzinalo limawakumbutsa, ndi zina zimene kampani ili nazo mwalamulo monga chizindikiro cholembetsa. Njira imeneyi ndi yabwino ngati funso likuti: kodi dzinali likuipindulira chiyani kampani? Taganizani za Coca-Cola mu 1985. Anasintha kakomedwe ka chakumwa chawo, anthu anakwiya, ndipo miyezi itatu isanathe chakale chija chinabwerera. Aaker amakuthandizani kutchula chimene chinapwetekedwa pamenepo, chomwe ndi kukhulupirika kwa ogula. Vuto lake n'lakuti timitu tisanuti timakopa munthu kulemba ndime imodzi pa kamutu kalikonse, mfundo yaikulu osaoneka.

Keller, m'nkhani yake ya mu 1993, anayambira m'mutu mwa wogula. Kwa iye mphamvu ya bulandi ndi kusiyana kwa mmene munthu amachitira ndi katundu chifukwa chakuti akulidziwa dzina lake. Ndipo anati zimene dzina limakumbutsa munthu ziyesedwe patatu: kodi n'zamphamvu, n'zokondweretsa wogulayo, ndipo n'zapadera? Pa asayimenti ya malo a bulandi, ine ndimasankha Keller, chifukwa mafunso atatuwa amakukakamizani kuweruza.

Tiyeni titenge Volvo. Mu 1959 injiniya wawo, Nils Bohlin, anapanga lamba wa m'galimoto womangika malo atatu, ndipo kampaniyo inalola opanga magalimoto ena kuti amugwiritse ntchito. Dzinali lakhala likuyendera limodzi ndi chitetezo kwa zaka zambiri. Wotsata Aaker alemba kuti "chitetezo" ndi chuma cha Volvo, ndipo sanalakwe. Wotsata Keller sangaime pomwepo.

Ayamba n'kutchula wogula amene akukamba, tinene kholo lofuna galimoto yapamwamba ya banja, ndi opikisana nawo, monga BMW ndi Mercedes-Benz. Kenako afunsa anthu otere, ngakhale 20 okha: "Mukamva Volvo, mukuganiza chiyani?" Musawapatse mawu osankhapo ayi, apo ayi mungomva mawu anu omwe akukubwererani. Lembaninso chimene atchula poyamba, chifukwa chotuluka msanga mkamwa ndicho champhamvu. Tingoyerekeza kuti 14 atchula chitetezo poyamba. Mphamvu ilipo. Afunseni ngati chitetezocho chimawakhudza pogula. Akavomera, ndiye kuti n'chokondweretsa.

Funso lachitatu ndi limene lili ndi mamalikisi, ndipo ndi limene ambiri amalidumpha. Afunseni anthu omwewo za BMW ndi Mercedes-Benz. Ngati nawonso akuonedwa kuti ndi otetezeka mofanana, chitetezo chasanduka chinthu chimene aliyense pamsikawo ayenera kukhala nacho, sichikusiyanitsanso Volvo. Koma ngati BMW ikuwakumbutsa kukoma kwa kuyendetsa, chitetezo n'kungotuluka pa Volvo pokha, mwapeza mfundo yosiyanitsa. Chiganizo chimene chinyamule asayimenti yonse chichokere apa: kwa wogula uyu, pakati pa magalimoto awa, Volvo ndi yakuti, ndipo umboni wake ndi uwu.

Keller nayenso ali ndi pofooka. Amafuna umboni wochokera kwa ogula, ndipo anthu 20 sangaimire msika wonse. Nenani zimenezo poyera mu asayimentiyo. Komanso za mtengo wa dzina m'ndalama, kapena za chitetezo chalamulo cha chizindikiro, sakuthandizani kwenikweni. Funso likalowera kumeneko, bwererani kwa Aaker.

Pali cholakwa chimodzi chimene njira zonse ziwiri sizingakupulumutseni, ndipo inenso ndinachichitapo. Ndinatenga mawu a kampani otsatsira malonda n'kuwalemba ngati maganizo a ogula. Pepala litabwera, m'mbali munali funso lalifupi la inki yofiira: "Akunena ndani?" Kuyambira pamenepo ndimajambula mizati iwiri ndisanayambe kulemba, wina wa zimene kampani ikufuna kuti anthu aziganiza, wina wa zimene anthuwo anenadi. Ngati kampani ikulengeza za mapangidwe amakono koma ofunsidwa anu akungotchula chitetezo, ndime yanu yaitali kwambiri ikhale yofotokoza chifukwa chake uthenga watsopanowo sunafike, ndiponso zimene kampaniyo ingataye ikaukankha kwambiri mpaka chitetezo chija n'kuyamba kuzilala.