Za mchere ndi BP: kwa omwe mukulota zodzathyola mphesa ku Joni

Amene mukukonza chikwama kuti mudzagwire ntchito m'minda ya mphesa ya m'mbali mwa mtsinje wa Orange, cha ku Kakamas ndi Upington, za mapepala ndi za pabodala mukuzidziwa kale, sindikambako. Ndikamba za dzuwa la kuno ndi anthu amene amadyera pa thukuta lanu. Mphesa zimathyoledwa kuyambira Novembala mpaka chakumayambiriro kwa chaka, nthawi imene kutentha kumapitirira madigiri 40. Malaya akauma amasiya mizere yoyera kumsana ndi m'khwapa, ndipo mizere imeneyo ndi mchere weniweni.

Dobadoba amene anatipezera ntchito analonjeza kuti tikangofika tiyezedwa m'thupi kwaulere. Mpaka lero makina oyezera sitinawaone. Chimene tinaona ndi kapitawo akugawa timapaketi ta ufa wosungunula m'madzi, titatu patsiku munthu aliyense, ati kubwezera mchere wotayika. Tonse tinkayesa ndi chifundo cha bwana. Mwezi utatha, pa kapepala ka malipiro panali mzere wa R450 wochotsedwa. R450! Ndalama yoti kumudzi akanagulira feteleza, yapita pa madzi amchere amene palibe anapempha. Mnyamata wina atafunsa, anamuyankha kuti akakomoka m'munda asadzalire, geti ili apo.

Amene anatiuza zoona ndi anamwino achikulire a pachipatala chaching'ono m'tauni. Tinaperekezako mnzathu wina wa ku Mangochi, bambo wa zaka za m'ma 40, wamphamvu ngati ng'ombe yapangolo, amene ankadandaula mutu m'mawa uliwonse. Anamwinowo anawakhazika kaye pansi mphindi zisanu, kenako n'kuyeza kawiri: 168/102. Mulingo umene achipatala amati BP yakwera ndi 140/90. Bambowo anaseka, amvekere: "Mayi, ine mchere wonse ndimautaya m'munda, BP ndi ya mabwana a m'maofesi." Mayiwo sanakangane nawo. Anatenga cholembera n'kuwauza kuti atchule zimene anadya dzulo lake.

Masamu ake anali otere. Chimene chimakweza BP mu mchere ndi sodiyamu, ndipo pa mapaketi a zakudya amalemba kuti Sodium. Galamu imodzi ya sodiyamu ndi magalamu 2.5 a mchere wa m'khitchini. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 2 a sodiyamu patsiku, omwe ndi magalamu 5 a mchere, kasupuni kamodzi ka tiyi. Mayiwo anavomera kuti munthu wogwira ntchito padzuwa tsiku lonse amataya wochuluka kuposa pamenepo. Lita imodzi ya thukuta imachoka ndi sodiyamu pafupifupi galamu imodzi, ena theka, ena kupitirira, choncho wotuluka malita 6 akhoza kutaya magalamu 3 mpaka 6. Koma taonani zimene zinkalowa. Theka la lofu ya buledi, magalamu 1.3 a sodiyamu. Poloni wopaka pa bulediyo, pafupifupi galamu. Paketi ya manudozi masana, galamu ina. Kachubu kokometsera ndiwo madzulo, magalamu 2 malinga ndi pepala lake, kuphatikizapo kasupuni ka mchere mumphika womwewo, magalamu ena 2. Apa tafika kale magalamu 7. Timapaketi ta kapitawo, kalikonse galamu imodzi, tinkafikitsa pa 10. Ndi mchere wokwana magalamu 25, masupuni asanu, tsiku limodzi. Thukuta lawo linali litalipidwa kale ndi chakudya, timapaketito tinkangounjikira pamwamba.

China chimene kapitawo sanena n'chakuti thupi limazolowera. Sabata yoyamba kapena yachiwiri pa dzuwa lotere thukuta limakhala la mchere kwambiri, ndipo ndi nthawi imene anthu amachita chizungulire ndi kukokana kwa minofu. Ikatha nthawi imeneyo, thupi limatuluka thukuta lambiri koma la mchere wochepa, impso nazo zimayamba kuusunga. Kamwa lokha ndi limene silibwerera m'mbuyo. Munthu amapitiriza kuthira mchere wodzaza dzanja Lamlungu ali chogona, amapitiriza mu Juni kukuzizira koopsa thukuta lili zii. Mchere wotsala m'thupi umakoka madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, BP n'kumakwera mwakachetechete. Ambiri samva chilichonse. Musamadikire mutu, ena chizindikiro chawo choyamba chimakhala kufa ziwalo.

Sindikunena kuti mchere musiye n'kumangopapira madzi. Zimenezo nazo zimapha. Munthu amene wamwa malita ambirimbiri a madzi okhaokha, osadya kanthu tsiku lonse pofuna kusunga ndalama, mchere wa m'magazi umasukuluka. Mutu umawawa, amachita nseru, manja amatupa, amayamba kulankhula zosokonekera. Ameneyo musamuthire madzi ena m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Njira yosavuta yodziwira madzi amene mwataya ndi sikelo: mukapepuka ndi kilogalamu imodzi pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndiye kuti mukupereweza lita imodzi. Mkodzo ukhale wachikasu mopepuka, osati wofiirira ngati tiyi. Ndipo idyani. Nsima ndi ndiwo zothira mchere wamba zimakwanira masiku ambiri. Madzi a ORS ali ndi malo ake, monga masiku oyamba aja, kapena mukatsegula m'mimba kapena kusanza, koma si tiyi wa tsiku ndi tsiku.

Anamwino aja anamuuza mnzathuyo kuti abwerenso tsiku lina adzayezedwe, popeza ulendo umodzi sukwanira kugamula. BP inali ikadali pamwamba, anamuyambitsa mankhwala. Anasiya timapaketi ndi manudozi, kachubu akugawa pawiri, nyemba ndi masamba akudya kawirikawiri, ndipo BP yake inatsika kufika pa 138/86. Mchere wa mumphika sanamuletse. Bulufeni ndi dayikilofenaki, amene anyamata kuno amameza msana ukangowawa, ndiye anamuletseratu: amakweza BP, ndipo amavulaza impso za munthu amene thupi lauma. Kuyeza konseko sitinalipire ngakhale senti, ndipo mayiwo analemba kalata yoti kapitawo asiye kumudula ndalama. Anasiya kwa iye yekha. Enafe akutidulabe.

Inu amene mukumwa kale mankhwala a BP, makamaka aja okodzetsa otchedwa HCTZ, lekani kubisa poopa kuti dobadoba akusiyani. Mankhwala amenewo amatulutsa madzi ndi mchere kudzera mu mkodzo, ndiye mukawonjezera thukuta la kuno mukhoza kugwa pakati pa mizere ya mphesa. Musawasiye panokha, komanso musawonjezere mchere panokha. Pitani kuchipatala musanakwere basi, mukanene poyera kuti mukukagwira ntchito padzuwa la madigiri 40, ndipo bukhu lanu lakuchipatala mubwere nalo. Amayi amene mukubwera kudzalongedza mphesa, soda amene mumathira m'therere nayenso ndi sodiyamu, muziwerengera.

Ndikudziwa kuti ambiri mukawerenga izi mukungowerengera malata amene mudzagule. Kayezetseni kaye BP pachipatala cha boma kwanuko, nambala yake muilembe papepala. Mukafika kuno, chinthu chilichonse chimene akukupatsani m'manja, kaya ndi kapaketi, magolovesi kapena sizasi yothyolera, funsani mtengo wake musanalandire, pamaso pa anzanu.