Kutumiza ndalama kumudzi kuchokera ku Joni: banki, foni kapena munthu wapamanja?

Anzanga kuno ku Joni sasiya kundifunsa njira yotchipa yotumizira ndalama kumudzi, ndiye ndiyankhe kamodzi. Musamafunse kuti amadula zingati. Funsani kuti mukapereka R2,000, amayi anu agwira makwacha angati m'manja, chifukwa ndalama zambiri zimathera pa reti.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Kampani ina ikudula R50 yokha, koma ikusintha randi imodzi pa K95. Pa R2,000 patsala R1,950, ndiye kumudzi kufika K185,250. Ina ikudula R150, ndalama yowawa ukamaiona pa lisiti, koma reti yake ndi K102. Patsala R1,850, kumudzi kufika K188,700. Yooneka yodula ija yapereka K3,450 yoonjezera. Ndalama ikamakula, kusiyanaku kumakulanso: pa R10,000, kusiyana kwa K7 pa randi iliyonse kukukwana pafupifupi K70,000.

Banki ine ndinaisiya. Pali mtengo wa SWIFT, njira imene mabanki amagwiritsa ntchito potumizirana ndalama kunja kwa dziko, palinso komishoni, nthawi zina banki yapakati imadulanso yake, kenako ya ku Malawi imasintha pa reti yake patapita masiku. Imafunanso mapepala okwanira. Mwina ngati mukutumiza zambiri, zogulira malo.

Makampani ngati Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa amakuonetsani reti ndi ndalama yofika musanalipire, choncho kuyerekeza n'kosavuta. Ndalama ikalowa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba imafika msanga, koma wolandirayo amadulidwanso potapa, ndipo ejenti wa patiredingi amatha kunena kuti ndalama zamuthera. Muziikapo kangachepe kotapira.

Tsono wapamanja uja, amene mumamupatsa marandi kuno, m'bale wake n'kukapereka makwacha ku Limbe kapena ku Mangochi. Reti yake imakoma, sindikana, poti amatsata ya pamsika wakuda, yomwe inapitirizabe kuposa ya kubanki ngakhale Reserve Bank of Malawi itagwetsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma ndili naye chifukwa. Wina anatenga ndalama zanga za fizi ya mwana wa mlongo wanga, n'kukagula nazo katundu wake. Ku Malawi ankapereka pang'onopang'ono, amvekere "katundu akadali pa boda ya Mwanza, tadikirani achimwene." Gawo lomaliza analipereka pa reti yotsika, ati zinthu zasintha. Mwana anabwezedwa kusukulu, ine ndilibe lisiti, ndipo n'kukadandaula kuti poti njirayo ndi yosavomerezeka?

Chizindikiro chake ndi ichi: akafuna marandi lero koma makwacha mawa, dziwani kuti mukumukongoza mpamba wa bizinesi yake. Wokhulupirika amalola kuti kumudzi alandire kaye.

Ine fizi ndi ndalama za matenda ndimatumiza pafoni kudzera ku kampani yovomerezeka, nditayerekeza awiri tsiku lomwelo, ngakhale wapamanja atandilonjeza reti yotani.